Mlakatuli Akhale Mboni, Omvera Akhale Oweruza

Aliyense amene anafikapo ku Mkaika kumapeto a Ogasiti, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, adziwa kuti pabwalo pamanenedwa zambiri zimene pakamwa sipanatchule. Akatuluka Simoni, wa nkhope yofiira ngati ya Mzungu wopsa ndi dzuwa, nayamba kuyenda monyang'wa, palibe amene amaimirira kufotokozera khamu kuti atsamunda anali odzikuza. Anthu amaona okha, naseka, nakumbukira. Mwambo wa Kulamba unaletsedwa ndi atsamunda mu 1934 ndipo unadzayambanso mu 1984, koma luso lodzudzula wamphamvu pomuonetsa monga ali linakhalabe m'midzi zaka zonsezo, ndipo ndilo limene alakatuli athu ambiri aliiwala pamene afuna kulemba za kuponderezedwa kwa anthu.

Mneneri Natani analidziwa luso limeneli. Atatumidwa kukadzudzula Davide chifukwa cha Uriya, sanayambe ndi kutchula tchimo, koma anasimba za munthu wosauka amene anali ndi kamwana ka nkhosa kamodzi kokha, kodya naye ndi kugona pachifuwa pake, kamene wolemera anakalanda kuti aphere mlendo. Ndipo mfumu itapsa mtima niigamula yokha mlanduwo, mpamene mneneri anailoza chala. Davide akadamva chidzudzulo poyamba akadadzitchinjiriza, monga tichita tonse, koma chigamulo chotuluka m'kamwa mwake sakadatha kuchikana. Sindikunena kuti kulangiza n'koipa, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo anamkungwi amalangiza anamwali mosabisa mawu. Koma iwo anapatsidwa udindo umenewo ndi mudzi, pamene mlakatuli sanapatsidwe ndi munthu, ndipo akayamba kulamula anthu amene avutika kuposa iye, amamumvera mwaulemu mitima ili kwina.

Titenge nkhani imene alimi a ku Katete ndi Sinda sanaiiwale. Mu 2011 thonje linagulidwa pa K3,200 pa kilogalamu, m'makwacha akale, ndipo anthu ambiri anakuza minda, natenga mbewu ndi mankhwala pangongole ku makampani. Koma mu 2012, ntchito yonse yopalira, kupopera ndi kutola itatha, mtengo unatsika kufika pa K1,600, kotero kuti mlimi wa makilogalamu 400, amene anayembekezera K1,280,000, anauzidwa za K640,000, ngongole ikali yosachotsedwa. Ena m'chigawo cha Kum'mawa anafika potentha thonje lawo. Mlakatuli wachangu, mtima ukumuwawa, angalembe motere:

Alimi tonse tidzuke,
Nkhanza zatikwana,
Tifuna chilungamo lero!

Mawu awa ndi oona, koma muli thonje kodi? Mungawafuule pamsonkhano wa chipani chilichonse, chaka chilichonse, ngakhale iye amene anatsitsa mtengo angawaombere m'manja, popeza samkhudza. Ichi ndicho chizindikiro choyamba cha ndakatulo yosanduka mfuu ya pamsonkhano: mawu ake aakulu, monga nkhanza, chilungamo, ufulu ndi chitukuko, alibe mwini ndiponso alibe malo. Chachiwiri ndi aneni olamula, a tiyeni ndi tidzuke, amene asonyeza kuti wolembayo wasiya kupenya nayamba kutuma. Tsono tiyese kupereka mawu kwa mayi mmodzi wamasiye amene waima pasikelo:

Bambo a pasikelo anandilonjera mwaulemu,
Nafunsa za ana, nafunsa za mwendo wanga;
Analemba thonje, nachotsa mbewu, nachotsa mankhwala,
Chotsala ndinamanga pansonga ya chitenje.
Mwana anandichingamira kunjira,
Nayang'ana mfundoyo, osafunsanso za nsapato.

M'mizere imeneyi mulibe liwu lakuti nkhanza, ndipo ndaliletsa dala, chifukwa ndifuna kuti libadwe mumtima mwa womvera. Taonani ntchito ya mneni uja wakuti nachotsa: abwera kawiri, monga momwe cholembera chinatsikira kawiri papepala, ndipo khutu limva ndalama zikutha popanda kuuzidwa chiwerengero. Ziwerengero zija, zimene zili zofunika m'nkhani ngati ino, m'ndakatulo zalowedwa m'malo ndi mfundo ya pachitenje, imene mwana angaione ali patali nazindikira kuchepa kwake. Pakuti womvera sangagwire K640,000 m'maganizo, koma nsonga ya chitenje aidziwa kulemera kwake ikadzala ndi pamene ili yopepuka.

Chimene ndichiyesa chachikulu koposa ndi ulemu wa kalaliki uja wa pasikelo. Wolemba wosakhwima akadampatsa mimba yaikulu, maso ofiira ndi mawu achipongwe, ndipo potero akadanama, nachepetsanso mlandu, pakuti womvera akadati vuto linali munthu mmodzi woipa mtima, amene akachotsedwa zonse zidzakhala bwino. Koma kalalikiyo ndi mwana wa m'dera lomwelo, wolembedwa ntchito ya miyezi yogula yokha, amene sanaike mtengo ndipo sangausinthe. Mtengowo unachokera kutali, kumisika ya kunja kumene thonje linagwa, ndiponso m'mapangano amene mlimi amalowa nthawi yodzala osadziwa chimene adzalandira nthawi yokolola. Pomlola kukhala waulemu, ndakatulo ikakamiza womvera kufunsa kuti, ngati munthu uyu sali wolakwa, wolakwa ndani? Funso limenelo womvera apita nalo kwawo, ndipo ligwira ntchito masiku ambiri kuposa yankho lopatsidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kuti wolemba apeze kalaliki wotere, mwendo wodwala ndi nsapato zolonjezedwa, ayenera kukhala pansi pamalo ogulitsira tsiku lathunthu, akumvetsera, asanagwire cholembera.

Komabe njira iyi ili ndi dzenje lake, ndipo ambiri agweramo. Pali kusalalikira, palinso kubisala, ndipo ziwirizi zisiyana kutali. Ku Malawi, m'masiku a Kamuzu Banda, alakatuli a ku Chancellor College anakakamizika kukulunga mawu awo m'nthano za nyama ndi za mizimu, chifukwa kutchula dzina kunali kudziitanira ndende. Ngakhale zinali tero, buku la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lotuluka mu 1981, linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo mwini wake anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Alakatuliwo anabisa chifukwa lupanga linali pakhosi, ndipo omvera awo, pokhala m'mantha omwewo, anali ndi mfungulo ya mwambi uliwonse. Koma wachinyamata wa lero amene atengera bilimankhwe ndi afisi awo popanda lupangalo, amangolemba chifunga chimene palibe angachimasulire, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati nkhani ndi thonje la 2012, litchulidwe thonje, itchulidwe sikelo, utchulidwe mudzi. Chobisika chikhale chigamulo chokha, umboni wonse uli poyera.

Muyeso wake ndi wosavuta. Muiwerenge ndakatuloyo mokweza pamaso pa amayi amene analima thonje chaka chimenecho, musanaipereke kuwailesi kapena kwa osindikiza. Akangoti mwalakatula bwino, mwana wanga, mudziwe kuti mwawalalikira ndipo akukulemekezani chabe. Akafunsa kuti tanthauzo lake n'chiyani, mwabisa mopitirira. Koma akakudulani mawu nayamba kukukonzani, kuti ngongole ya mankhwala inachotsedwa poyamba mbewu pambuyo, kapena kuti kwawo mwana anafunsa za yunifolomu, pamenepo mubwerere kunyumba mukakonze mizereyo monga anenera.