Kulembera wa kunja amene akufuna thobwa

Mmalawi wa ku Joni kapena ku Leeds akalemba pa foni kuti "kaphikidwe ka thobwa" kapena "thobwa recipe", safuna kukumbutsidwa kuti kwathu n'kokoma. Zimenezo akuzidziwa, n'chifukwa chake wafufuza. Koma nkhani zambiri zolembera anthu otere zimataya ndime zitatu zoyamba potamanda mudzi ndi agogo, ndipo zikafika pa mphika zimangoti "thirani chimera, musiye chigone." Ine ndimaona kuti apa luso lasowa, chifukwa wolembayo walembera mnansi wake wa ku Mchesi, pamene wowerenga ali kumene kulibe msika wa chimera.

Wolemba wabwino amayamba wadzifunsa chimene wowerenga alibe. Wa ku Joni auzidwe kuti chimera cha mapira chimene eni dziko amafululira umqombothi chimagulitsidwa m'masitolo, ndipo chimagwira ntchito. Wa ku Mangalande angafunike kumeretsa yekha: kuviika mawere tsiku limodzi, kuwafunditsa nsalu yonyowa mpaka atatulutsa timizu, kuwaumitsa, kenako kupera. Auzidwenso kuti m'nyumba yozizira mbewu zimachedwa kumera, ndipo zikanyowa kwambiri zimachita nkhungu, zomwe ziyenera kutayidwa.

Pa mphika penipeni m'pamene wolemba ayenera kuchedwapo. Chimera sichithiridwa m'phala lobwadamuka. Mwa chimera muli mphamvu imene imasungunula phala n'kulitsekemeretsa, ndipo kutentha kwambiri kumaipha. Mayi wa kumudzi amadziwa nthawi yake ndi dzanja, koma wophunzirira kunja alibe womuyang'anira. Choncho nkhani inene kuti phala liyambe lapolako, ndipo ipereke chizindikiro: ngati phala lolimba lija layamba kumasuka n'kukhala lamadzimadzi mutathira chimera, zatheka. Ngati langokhala gwa, munathira likadatentha kwambiri kapena chimeracho n'chakufa. Kenako ligone usiku, mawa liwiritsidwenso. Chiganizo cha chizindikirocho n'chimene chimapulumutsa ufa wa munthu, koma n'chimene chimasowa kawirikawiri.

Miyeso nayo imavuta. "Chimera cha K500" si muyeso kwa munthu wogula ndi randi, ndipo ngakhale kumudzi sukhalitsa: mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pamene nkhani yolembedwa kale imapezekabe kwa wofufuza patapita zaka. Kapu ndi lita sizisintha. Mtengo ukatchulidwa, mwezi ndi chaka zikhale pambali pake.

Mutu ukhale ndi mawu amene munthu angalembe pofufuza, thobwa ndi kaphikidwe, osati mwambi wokongola wobisa nkhani. Sindikukana chikumbumtima cha kwathu, pakuti wowerengayu ali nacho chambiri ndipo n'choyenera ulemu. Malo ake ndi pambuyo pa yankho, ndipo chigwirizane ndi mphikawo: kunena kuti thobwa la pa ukwati limaphikidwa dzulo lake kumam'thandizanso kudziwa tsiku loyamba kuviika mawere.