Diso la wogawa mankhwala pa chithunzi cha paketi ya LA

Chithunzi chinafika pa foni kuchokera kwa mlangizi wa zaumoyo wa cha ku Namitambo, m'boma la Chiradzulu. Anajambula paketi ya LA, mankhwala a malungo, kufunsa ngati akadali abwino. Ine ndinkangoona kunyezimira kokhakokha. Koma mayi wogawa mankhwala amene ndinakhala nawo pafupi anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, n'kulunjika m'mphepete mwa paketi. Kumeneko ndi kumene fakitale imakonda kudinda manambala.

Vuto linali lakuti manambalawo sanalembedwe ndi inki. Anachita kutsindikidwa, ndipo kuwala kwa foni kunawafafaniza. Mayiwo anayankha kuti: "Achimwene, zimitsani fulashi, muime pakhomo, kuwala kuchokere chammbali." Chithunzi chachiwiri chitabwera ndinagoma: kachithunzithunzi kanagwera m'timaenje tonse, nambala iliyonse n'kuonekera poyera.

Panali mizere itatu. Anayamba ndi wapakati, wolembedwa `MFG 09/2024`, kusonyeza mwezi umene mankhwala anapangidwa. Ambiri amapunthwa apa, chifukwa akaona chaka chakale amafuna kutaya mankhwala abwinobwino. Mzere wa kutha mphamvu ndi wa `EXP`, ndipo unali `EXP 08/2026`. Pakalembedwa mwezi ndi chaka chokha, mankhwala amagwiritsidwa ntchito mpaka tsiku lomaliza la mweziwo, apa ndiye pa 31 Ogasiti 2026, bola asungidwe pouma ndi posatentha. Anawerengeranso pa zala miyezi ya pakati pa madeti awiriwo. Inakwana zaka ziwiri, monga zimakhalira kawirikawiri ndi LA, ndipo izi zinawatsimikizira kuti nambala yomaliza ndi 6, osati 8.

Kenaka anakwera pa mzere wa `B.No.`, umene mafakitale ena amalemba `LOT`. Iyi ndi nambala ya batchi, kutanthauza gulu la mapiritsi opangidwa limodzi, ngati nsima ya mumphika umodzi. Bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA likapeza vuto, limalengeza nambala imeneyi kuti gululo libwezedwe, choncho kuphonya chilembo chimodzi n'kusunga oipa kapena kubweza abwino.

Apa ndipo anadekha kwambiri. Pa malo achitatu panali kozungulira: ndi ziro kodi, kapena chilembo O? Sanaganizire ayi. Anatsikira pa ziro wa mu `08`, amene sangakhale chilembo, n'kuyerekeza maonekedwe. Onse anali owonda mofanana, ndiye kuti ndi ziro. Anachitanso chimodzimodzi ndi B, amene msana wake ndi wowongoka pomwe 8 ndi wopindika mbali zonse.

Atatha anakopera nambalayo papepala akuitchula mokweza, n'kuifananitsa ndi ya pa fomu imene katoni ya mankhwalawo inabwera nayo. Zinagwirizana. Pokhapo ndi pamene anatenga foni n'kulemba: "Gawani, koma yambani ndi amenewa musanatsegule katoni yatsopano."