Masekondi 30 salola moni wa pa msonkhano

Pa zolemba zonse za m'Chichewa, palibe chimene chimamvedwa ndi anthu ambiri kuposa uthenga wamalonda wa pa wailesi, komanso palibe chimene ife okonda zolemba timachinyoza koposa ichi. Ndakatulo timaisanthula, sewero timalikangana, koma uthenga wa malata ndi sopo timangoti ndi phokoso la pakati pa nyimbo. Chonsecho nawo uli ndi malamulo ake, ndipo lamulo lalikulu ndi la wotchi. Wogula masekondi 30 amapatsidwa masekondi 30 basi.

M'zaka zimene MBC inali wailesi yokhayo m'dziko muno, kuchokera mu 1964 mpaka m'ma 1990, womvera analibe kothawira. Uthenga kaya utalike, kaya ugonetse tulo, ankaumva ndithu. Radio 2 itatsegulidwa mu 1997, kenaka wailesi zina zomwe si zaboma nkuyamba kuulutsa mawu mu Blantyre, chala cha womvera chinaphunzira kupotokola. Koma kalembedwe ka ambiri otsatsa malonda kanatsalira m'mbuyo. Amalemba ngati kalata yopita kwa a DC.

Kuti tisamangolankhula m'malere, nawu uthenga umene ndaupeka potsata mtundu umene makutu athu anauzolowera. Sitoloyo tiitche ya Uje.

"Moni nonse amayi ndi abambo, anyamata ndi asungwana okhala mu mzinda wa Blantyre ndi madera ozungulira. Ife a sitolo ya Uje tili okondwa kukudziwitsani kuti tsopano talandira katundu watsopano wosiyana-siyana monga malata, simenti, misomali, penti, maloko, mawilibala ndi zina zambiri. Katundu wathu ndi wapamwamba zedi komanso wolimba, ndipo mitengo yake ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi malo ena onse. Tikupezeka ku Limbe moyang'anizana ndi msika, ndipo timatsegula kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, kuyambira hafu pasiti seveni m'mawa mpaka faifi koloko madzulo. Musaiwale kuti aliyense wogula malata opitirira makumi awiri tidzamunyamulira katundu wake mwaulere mpaka pakhomo. Fulumirani, musachedwe, bwerani nonse mudzadzionere nokha."

Chichewa chake nchabwino-bwino, mphunzitsi sangachichonge ndi cholembera chofiira. Mawu alimo 99. Vuto nlakuti kuwerenga mawu kumanamiza. Anzathu olemba m'Chingerezi amati mawu pafupi-fupi 70 amakwana m'masekondi 30, ndipo ena amatengera chiwerengero chomwecho ku Chichewa. Amaiwala kuti mneni wathu amasenza katundu wambiri. "Tidzamunyamulira" ndi liwu limodzi papepala, koma pakamwa ndi maphatikizo 7, ndipo lilime liyenera kuponda lililonse. Tsono chowerenga ndi maphatikizo, osati mawu.

Ndawawerenga a mu uthengawu: akuyandikira 300. Tengani wotchi muwerenge mokweza, mwa liwiro loti agogo a ku Ndirande amve bwino. Mupeza kuti maphatikizo 5 pa sekondi ndiwo muyeso wabwino. Ndiye kuti uthengawu ukufuna mphindi yathunthu, osawerengera kupuma kapena kanyimbo koyambira. Pa masekondi 30 aja, chotsanipo 5 kapena 6 a kanyimbo ndi mpweya, mutsala ndi 24 kapena 25. Amenewo ndi maphatikizo pafupi-fupi 120, mawu osapitirira 45 kapena 50. Kunena mosabisa, zoposa theka la uthengawu ziyenera kufa.

Apa mpamene ambiri amalakwira. Mwini sitolo safuna kutaya ngakhale msomali umodzi, ndiye muulutsi amauzidwa kuti athamange, kapena a mu situdiyo amafulumizitsa mawuwo pa kompyuta nkudula malo onse opumira. Chingerezi chimapirirako nkhanza zotere, Chichewa ayi. Ife tikafika kumapeto kwa chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: timati "pakho-omo", "ku Li-imbe". Kukokako ndiko kumauza khutu kuti ganizo latha, lisunge. Mukakufinya, ziganizo zimagundana ngati minibasi pa siteji. Komanso Chichewa chimasiyanitsa mawu ena ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu, ndipo munthu wothamanga amayamba kusalaza zimenezi. Uthenga wofinyidwa umadziwika msanga: simumva muulutsi akukoka mpweya, ndipo ukatha mumakumbukira kuti munthu amakuwa, koma osati chimene amanena.

Nanga tidule chiyani? Moni uja apite ndiye woyamba. Maphatikizo 40, masekondi 8, angothera kupereka ulemu kwa anthu amene sanabwere pa msonkhano. Ndikudziwa kuti mtima umawawa, poti mwambo wathu sulola kuyamba nkhani osalonjera. Koma muulutsi wa pologalamuyo anawalonjera kale anthuwo. Naye "tili okondwa kukudziwitsani kuti" atsatire. Kukondwa kwanu womvera alibe nako ntchito.

Afotokozi aja, "wapamwamba", "wolimba", "yotsika kwambiri", ndi ndalama zakale zosagula kanthu. Kodi ilipo sitolo inanenapo pa wailesi kuti katundu wake ndi wachabechabe ndi wodula? Mawu amene sitolo iliyonse ya mu Limbe ingathe kunena sangathandize munthu kukumbukira yanu. Mndandanda wa katundu nawonso khutu siliugwira. Diso likhoza kubwerera pa tsamba, koma munthu ali m'minibasi pa Ginnery Corner, kondakitala akuitanira, akamamva "maloko" amakhala ataiwala kale "simenti". Nthawi yotsegulira nkosafunika: aliyense amadziwa kuti sitolo za zipangizo zomangira zimatsegula masana. Papepala "7:30" amaoneka waufupi, koma pakamwa ndi maphatikizo 8.

Mukasesa zonsezi mupeza kuti pansi pa mulu panakwiririka chinthu chimodzi chokha chimene chili nkhani: akunyamulirani ulere. Wolemba anachiika pa chiganizo chachisanu, pamene womvera anapita kale kukapakula nsima. Aliyense amene anagulapo malata amadziwa kuti mutu umayamba kuwawa ukatuluka m'sitolo, pokambirana ndi mwini pikiapu. Uthenga wonse umangidwe pamenepo:

(Mvula padenga. Dontho likugwera m'beseni: tho! tho! tho!)

MAYI: Bambo a Chikondi, denga ladonthanso!

BAMBO: Malata ndigula. Koma ndiwasenza pamutu kuchoka ku Limbe?

MAYI: Kwa Uje amabweretsa okha. Ulere!

BAMBO: Mpaka kuno ku Chirimba?

MAYI: Mpaka pakhomo!

WOLENGEZA: Gulani malata opitirira twente kwa Uje, galimoto ndi yathu. Kwa Uje, ku Limbe, moyang'anizana ndi msika. Kwa Uje: inu gulani, ife tinyamula.

Mawu 46, maphatikizo 114. Kulankhula kukutenga masekondi 23, dontho lija 3, ndipo 4 otsalawo ndi a kupuma pakati pa olankhula. Kupumako musakuone ngati nthawi yotayika. Kachete kakang'ono pambuyo pa "Ulere!" ndi kamene kamapatsa bambo uja mpata wodabwa, ndipo womvera amadabwa naye limodzi.

Taonani zimene dontho lachita. M'masekondi atatu lanena zimene zikanafuna ziganizo ziwiri: kuti ndi dzinja, denga ndi lakale, m'nyumba mulibe mtendere. Chichewa nacho chili ndi chida chofanana ndi chimenechi, mvekero. "Mbee", "psuu", "gwa", "phwii": phatikizo limodzi kapena awiri, chithunzi chathunthu. Nzodabwitsa kuti olemba mauthenga amathamangira "woyera kwambiri zedi" pamene amayi awo kunyumba amangoti "mbee". Mwina amaopa kuti bwana aziti sanapite kusukulu.

Dzina la sitolo lamveka kanayi. Mu uthenga woyamba linamveka kamodzi, ndiponso pa sekondi ya 9, munthu asanadziwe chifukwa choti alisungire. Malo amene dzina limagwira bwino ndi awiri: pamene vuto lapeza yankho, ndi kumapeto kweni-kweni. Dzinalo likakhala lonena lokha ntchito yake, wolemba wapepukidwa. A PSI atatulutsa makondomu a Chishango mu 1994, ndi maneti a Chitetezo muno m'boma la Blantyre mu 1998, anasankha maina amene ndi uthenga kale. Maphatikizo atatu kapena anayi, ndipo safuna chiganizo china chowamasulira. Sitolo yotchedwa ndi maina atatu a Chingerezi ndi "and Sons" kumapeto imadya masekondi awiri nthawi iliyonse ikatchulidwa.

Mzere womaliza uli ndi miyendo iwiri yolingana, inu uku, ife uku, monga momwe miyambi yathu yambiri imayendera. Khutu la Mmalawi linakulira pa kayendedwe kotere, nchifukwa chake limakasunga mosavutikira. Koma chenjerani ndi kulowetsa mwambi weni-weni. Womvera amakumbukira mwambiwo, umene ankaudziwa kale, nkuiwala sitolo.

Sindikunena kuti uthenga wachiwiriwu ulibe chilema. Mayi wodandaula ndi bambo wokanika ndi anthu amene atopa nawo ntchito pa wailesi zathu, ndipo ochita sewero akakhala ofooka, zimamveka ngati ana a sukulu akuwerenga pa bolodi. Nthabwala nayo ili ndi ngozi yake. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, ankatha kuseketsa dziko lonse ndi mawu ochepa, koma wolemba amene alibe luso lawo amathera masekondi 20 kukonzekera nthabwala, malonda nkuwapanikiza m'masekondi 10. Pano nthabwala ndi imodzi, ya kusenza pamutu, ndipo ikuloza pa chinthu chomwe chikugulitsidwacho.

Pali mawu awiri amene sayenera kudulidwa ngakhale wotchi ikakamize bwanji: "opitirira twente". Ndalemba "twente" poti ndi mmene anthu amanenera pogula, ndipo ndi maphatikizo awiri m'malo mwa 6 a "makumi awiri". Koma kuwachotseratu ndi bodza. Munthu adzabwera kudzagula malata asanu, adzauzidwa kuti galimoto palibe, ndipo adzanena zimenezi kwa anzake onse. Chimodzi-modzi Chirimba uja: musanamutchule, funsani mwini sitolo ngati galimoto yake imafikadi kumeneko, poti wa ku Chileka ndi wa ku Lunzu nawo amva.

Muyeso wake ngosavuta. Werengerani munthu amene sanaone pepalalo, kamodzi kokha, wailesi ina ikulira pambali. Kambani naye za mpira kwa mphindi zingapo, kenaka mufunseni kuti akugulitsa ndani, chiyani, kuti. Akayankha ziwiri mwa zitatuzi, bwererani pa tebulo. Ndipo mwini sitolo akaumirira kuti simenti ndi mawilibala ake zimveke, muuzeni agule masekondi ena 30, simentiyo timulembere uthenga wake-wake.