Mpatuliro ndi Nthambi za "-mene": Kuunika Kalembedwe Kathu

Alembi ambiri a Chichewa amaika mpatuliro paliponse pamene mpweya wawathera. Cholinga cha pepala lino ndi kusonyeza kuti chizolowezi chimenechi chimasokoneza tanthauzo la nthambi yamfotokozi yoyamba ndi "-mene".

Nthambi imeneyi ili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kusankha ena pakati pa gulu; yachiwiri ndi kungoonjezera mawu pa dzina lodziwika kale. Tiyerekeze kuti mkulu wina walemba mawu awa m'kalata yogawa chuma chamasiye:

(1) Ana anga amene ali ku Joni asalandire munda.

(2) Ana anga, amene ali ku Joni, asalandire munda.

M'chiganizo (1) mkuluyo ali ndi ana enanso kumudzi, ndipo munda ndi wa iwowo. M'chiganizo (2) ana onse ali ku Joni, choncho palibe mwana ndi mmodzi yemwe wolandira munda. Mlembi akalakwitsa apa, banja likhoza kutengerana kubwalo la milandu.

Poyankhula, Mchewa sasokoneza ziwirizi. M'Chichewa, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika pamathero a chigawo chilichonse cha mawu otchulidwa pamodzi. Laura Downing ndi Al Mtenje anasonyeza mu 2011 kuti dzina limatchulidwa pamodzi ndi nthambi yosankha, koma limaima palokha patsogolo pa nthambi yoonjezera. Motero mu (2) timamva "aanga", pamene mu (1) "anga" satalika. Lisa Cheng ndi Downing anapezanso zofanana ndi zimenezi m'Chizulu. Popeza kalembedwe kathu sikasonyeza kutalika kwa phatikizo, ntchito yonseyi yatsalira mpatuliro.

Vuto lagona pamathero a nthambi. M'ziganizo zonse ziwiri "Joni" amamveka "Jooni", chifukwa nthambi yathera pamenepo. Mlembi wotsata khutu lokha amalemba motere:

(3) Ana anga amene ali ku Joni, asalandire munda.

Apa wowerenga sadziwa ngati mpatuliro woyamba waiwalika kapena wachiwiriwo wangolowerera. Ndiye kuti tanthauzo lili pa mpatuliro woyamba. Wachiwiri amangotseka chimene woyamba watsekula, ndipo payekha sayenera kulekanitsa mwininkhani ndi mneni wake.

Njira yoyesera ndi yapafupi. Tiike mawu akuti "okhawo" pakati pa dzina ndi "amene". Ngati "ana anga okhawo amene ali ku Joni" ndi zimene mwini mawu akutanthauza, nthambiyo ndi yosankha ndipo mpatuliro usaikidwe. Ngati "okhawo" wasintha nkhani, nthambiyo ndi yoonjezera ndipo ifunika mipatuliro iwiri. Dzina lamwinimwini kawirikawiri limatenga nthambi yoonjezera, monga "Zomba, amene anali likulu mpaka 1975, ali ndi phiri lalitali", pakuti palibe Zomba wina woti tisankhepo.

Choncho langizo lakuti mpatuliro ndi popumira pang'ono ndi loperewera. Olemba mabuku a malamulo a chiyankhulo ayenera kunena momveka kuti patsogolo pa "-mene" mpatuliro umayankha funso limodzi: kodi ndi onse kapena ena okha?