MLENDO NDI MAME: ANAFIKITSA CHIKHRISTU KU GOLOMOTI NDANI?

Pa zikondwerero zokumbukira chiyambi cha maparishi athu pamawerengedwa mbiri imene tonse tinailoweza. Imati Abambo Oyera anafika kwa Mponda mu 1889, nachokako mu 1891 popanda kubatiza anthu ochuluka. Kenaka anabwereranso, natsegula Mua mu 1902, Mtakataka mu 1908 ndi Bembeke mu 1910. Pambuyo pake pamatsata maina a ansembe, wina atachoka wina nabwera, mpaka lero. Zonsezi nzoona, ndipo ansembewo ngoyenera ulemu. Koma mbiri yokambidwa motere ili ndi chilema chachikulu: imafotokoza za nyumba za mishoni, osati za midzi. Imatiuza chaka chimene wansembe anamanga msasa m'mbali mwa Nadzipokwe, koma siitiuza amene anayamba kuphunzitsa chizindikiro cha mtanda m'midzi ya ku Golomoti, kumene wansembe ankangofikako mwa apo ndi apo. Ife tikuti munthu ameneyo anali mphunzitsi wachikuda, amene lero timamutcha katekisiti, ndipo popanda iye ntchitoyo sikadayenda pa liwiro limene inayenda.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi lamulo limene Kadinala Lavigerie anapatsa ansembe ake. Iye analamula kuti munthu wamkulu asabatizidwe msanga, koma ayesedwe zaka zinayi: ziwiri zoyamba akhale wofunsira chabe, womva za Mulungu Mlengi ndi za malamulo ake, ndipo ziwiri zotsatira akhale wophunzira weniweni wa zinsinsi za chikhulupiriro. Lamuloli linali lanzeru, koma linkafuna chinthu chimene mzungu analibe, ndicho kukhala pamudzi tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze kuti pamishoni pali ansembe atatu, monga linkafunira lamulo la chipani chao, ndipo mmodzi ali pa ulendo wa m'midzi. Ngati iye atha kufika m'mudzi wina kamodzi pa miyezi iwiri iliyonse, ndiye kuti pa zaka zinayi wofunsira ubatizo adzamuona maulendo 24 okha, pamene zaka zomwezo zili ndi masiku a Mulungu oposa 200. Ndipo maulendo 24 amenewo ndi a pa pepala, pakuti m'dzinja mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza imasefukira, dambo limasanduka thope, malungo nkumagwetsa mlendo pamphasa. Masiku ena onse otsalawo anali m'manja mwa mphunzitsi.

Ntchito yake tingaitsate kuyambira pachiyambi. Poyamba pankafunika chilolezo cha nyakwawa kuti pamudzi pakhale sukulu, ndipo wodziwa kulowa pabwalo, kukhala pansi ndi kuyamba nkhani mozungulira anali mphunzitsi. Chilolezo chikapezeka, ankamanga kanyumba ka mitengo ndi udzu, kamene kankakhala sukulu pakati pa sabata ndi tchalitchi tsiku la Mulungu. Ana ankaphunziramo zilembo, kuwerengera pang'ono ndi mapemphero. Akuluakulu ankabwera akaweruka kumunda kudzaloweza mafunso ndi mayankho a katekisimu. Mphunzitsi ankalemba obwera ndi ojomba, ndipo wansembe akafika kudzayesa ophunzira, ankadalira umboni wake: uyu anasiya mitala kapena wangobisa mkazi wachiwiri kwao? Uyu akupitabe kudambwe usiku? Zinthu zotere mlendo sangazione pa tsiku limodzi. Wodwala akatsala pang'ono kutsirizika, mwana kapena nkhalamba, amene ankathamanga ndi madzi kukabatiza pangozi anali mphunzitsi yemweyo. Tinganene mosakokomeza kuti wansembe ankathira madzi pa anthu amene wina anawasankha, kuwaphunzitsa ndi kuwachitira umboni.

Panalinso nkhani ya chilankhulo. Ansembe anagwira ntchito yaikulu polemba Chinyanja ndi kumasulira mapemphero, koma kudziwa mau si kudziwa kukamba. Mphunzitsi ankadziwa kuti mayi wofunsa za ubatizo wa mwana wake akuopa mizimu ya kwao, ngakhale sanaitchule. Ankadziwa mwambi woyenera kuyankhira mkulu popanda kumchititsa manyazi. Akale anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Miyambi iwiriyi njoona pa nkhani yathu. Lumo linachokeradi kutali, koma wometa anali wa pamudzi pomwepo.

Izi sizinachitike kwa Akatolika okha. Kutsidya kwa nyanja yomweyi, ku Chembe, amishoni a Livingstonia atasamukira ku Bandawe mu 1881 anasiya ntchito m'manja mwa Albert Namalambe, munthu woyamba amene iwo anamubatiza. Kumpoto, amene anatsegula njira ya kwa Angoni a M'mbelwa anali William Koyi, Mxhosa wa ku Lovedale, chifukwa ankamvana nao chilankhulo. M'chigwa chathu chino, mpikisano wa pakati pa Akatolika ndi a Dachi a ku Mlanda ndi ku Nkhoma unali mpikisano wa aphunzitsi: mudzi unkagwa m'manja mwa mpingo umene unayamba kuikamo mphunzitsi. Nchifukwa chake mpaka lero midzi yoyandikana imapezeka ya mipingo yosiyana. Malire amenewo anawalemba ndi mapazi a aphunzitsi.

Buku limene linafufuza mozama mbiri ya dera lino ndi la Ian Linden ndi Jane Linden, lotuluka mu 1974, lonena za Akatolika, anthu a m'midzi ndi kukana kwa Achewa kuyambira 1889 mpaka 1939. Ubwino wake ngwakuti silinabise zopweteka. Linaonetsa kuti pafupi ndi Mua penipeni, pamene ansembe ankakhala, Achewa ambiri anakana sukulu, ndipo nyau zinalimbana ndi mishoni kwa zaka zambiri, makamaka m'zaka za m'ma 1920, pamene m'madera a Angoni zinthu zinkayenda mofewerapo. Mfundo imeneyi ikutsutsa mbiri ya pa zikondwerero zathu. Chikhala kuti chikhristu chinkafala chifukwa cha kuyandikana ndi mzungu, midzi yozungulira Mua ikadakhala yoyamba kudzaza tchalitchi. Sizinatero. Chimene chinkalamula ndi malo amene mphunzitsi anali nao pakati pa anthu.

Taganizani aphunzitsi awiri. Woyamba watumidwa kumudzi wa Achewa kumene sali mbadwa. Ngati wakwatira komweko, ndi mkamwini, ndipo mkamwini alibe mau pa ana a mbumba. Mwini mau ndi malume. Anyamata amene iye akuwafuna kusukulu ndi omwewo amene akulu akuwafuna kudambwe, ndipo atsikana akuyembekeza chinamwali. Akakadandaula kumishoni kapena kuboma za gule, mudzi wonse umamuona ngati kazitape wa azungu. Wachiwiri ali pakati pa Angoni a Kachindamoto, kumene mau a mfumu ndi a bambo pa ana ake ngolemera. Mfumu ikavomera sukulu, nduna zimamvera, ndipo mphunzitsi amayenda pansi pa mthunzi wake. Katekisimu ndi mmodzi, wansembe woyendera ndi mmodzi, koma zokolola nzosiyana. Sukulu yakufa inkadziwika msanga: ana aang'ono okhaokha pamkeka, anyamata osinkhuka atazimiririka nyengo ya gule, ndi maubatizo a pangozi ochuluka kuposa a akulu omaliza zaka zinayi.

Komabe bukuli nalo lili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi a zolembedwa zimene tili nazo tonse. Gwero lalikulu la mbiri ya nthawi imeneyo ndi mabuku a tsiku ndi tsiku amene ansembe ankalemba m'Chifalansa. M'buku lotere mphunzitsi amaonekera kawirikawiri pamene pavuta: wamenyedwa, wajomba, wapempha kuonjezera malipiro, kapena wathawira ku Halale. Miyezi imene anaphunzitsa mwakachetechete siinali nkhani yoti ilembedwe. Motero timamudziwa kudzera m'maso a bwana wake, ndipo mau ake enieni, mmene ankafotokozera za kuuka kwa akufa kwa anthu amene angochoka kumanda, anapita ndi mphepo.

Sitikufuna kusandutsa aphunzitsi aja angelo. Ena anaphunzira pang'ono, nangolowezetsa anthu mayankho osawamasulira, kotero kuti panabadwa akhristu odziwa katekisimu pamtima koma osadziwa chochita imfa ikalowa m'nyumba. Ena anali ouma mtima pa miyambo ya makolo kuposa ansembe amene anawatuma, ndipo mabala a nthawi imeneyo ndi amene Bambo Claude Boucher anayamba kuwapoletsa pamene anatsegula Kungoni ku Mua mu 1976. Malipiro anali ochepa, ndipo munthu wa banja amene ankafunikanso kukhoma msonkho sitingamudzudzule kuti anasiya choko napita kumigodi. Boma litakhazikitsa nthambi ya maphunziro mu 1926 ndi kuyamba kufuna aphunzitsi a masatifiketi, ntchito imene inali imodzi inagawika pawiri. Wa satifiketi anakwera, nalandira ulemu ndi malipiro. Wa katekisimu anatsala ndi njinga yakutha. Kuchepetsedwa kwa katekisiti kumene timakuona m'maparishi ena kunayambira pamenepo.

Tikumbukirenso kuti wansembe woyamba wachimalawi, Cornelio Chitsulo, mwana wa dera la Mua, anadzozedwa mu 1937, patapita zaka 35 chitsegulire Mua, ndipo anadzakhala episkopi woyamba wa Dedza. Pa zaka 35 zonsezo nkhope yachikuda ya Eklezia m'chigwa chino inali ya mphunzitsi. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatikani unavomereza mu 1965 kuti kufalikira kwa Eklezia m'maiko a mishoni kunadalira kwambiri akatekisiti, amuna ndi akazi. Aphunzitsi awiri achinyamata a ku Uganda, Daudi Okelo ndi Jildo Irwa, amene anaphedwa mu 1918, anatchulidwa odala mu 2002, ndipo pa 10 Meyi 2021 Papa Fransisko anakhazikitsa ukatekisiti kukhala utumiki wokhazikika mu Eklezia yonse. Roma wakonza mbiri yake; ife eni ake tikuwerengabe mndandanda wa theka.

Theka linalo silinatayike lonse. M'mabuku akale a ubatizo ku Mua ndi ku Mtakataka muli midzi ya obatizidwa ndi maina a aankhoswe ao a ubatizo, ndipo dzina lobwerezedwa kawirikawiri pa mudzi umodzi ndi poyambira pabwino kufunsira. M'miphakati ya ku Golomoti mudakali agogo amene angathe kunena kuti amene anaphunzitsa amai ao anali uje, wochokera kwakuti, ndipo sukulu yake inali pansi pa mtengo wakuti. Agogo amenewa akutha chaka ndi chaka. Mphakati uliwonse utakhala nao pansi, nulemba dzina, mudzi ndi zaka monga akuzikumbukira, nupereka pepalalo kuparishi, chikondwerero chikubwerachi tidzawerenga mbiri yathunthu, ndipo mabanja ena adzamva kwa nthawi yoyamba dzina la gogo wao likutchulidwa pa guwa pamodzi ndi la wansembe amene anamutuma.