Kusasa ndi Kuthithikana: Mawu Ounikira Chimbale

Tikamaunika chimbale cha Ngozi Family cha 1976, Day of Judgement, sitikhutira ndi liwu loti "phokoso", chifukwa limasakaniza zinthu ziwiri. Choyamba ndi kamvekedwe ka chida chimodzi. Gitala ya Paul Ngozi timati njosasa, pobwereka liwu limene a ku Kanyama amanenera munthu wachimfine, pakuti makina amakhakhalitsa kulira kwa nsambo mwadala. Chachiwiri ndi kalukidwe ka zida zonse pamodzi, kamene timati nkothithikana ngati nkhalango kapena nkopyapyala. Posiyanitsa ziwirizi timamvetsera pamene ng'oma ndi besi zachepa: kuthithikana kumatha, kusasa kumatsala. Wounika wozisokoneza angadzudzule wojambula chimbale pa chinthu chimene woimba anachisankha yekha.