Kugawa ndi 2! pa polo ya mlingo wachitatu

Chimandisangalatsa poona wodziwa masamu akupeza rezidyu ya e^(2z)/z³ pa z = 0, choko chikugogoda bolodi mosafulumira. Polo iyi ndi ya mlingo wachitatu, choncho amayamba wachulukitsa ndi z³, n'kutsala ndi e^(2z) yokha. Kenaka amatenga derivetivu kawiri, osati katatu, n'kupeza 4e^(2z). Akaika z = 0, pamatuluka 4.

Apa ndi pamene ndimamuyamikira kwambiri: saiwala kugawa ndi 2!, chifukwa maderivetivu awiri aja achulukitsa z² ndi 2. Yankho ndi 2. Kuti atsimikize, amatambasula e^(2z) = 1 + 2z + 2z² + …, ndipo 2 yemweyo akuonekera kutsogolo kwa z². Popanda kugawako, intigiro yozungulira poloyo ikanatuluka 8πi m'malo mwa 4πi.